Kodi $150 ikakwera, ntchito zitha kapena zichuluka?

Nabanda wa ku Mufakose: Moni nonse m'gulu muno. Kuntchito kwathu nkhani yavuta ndi ya malipiro otsikitsitsa. A bungwe la anthu apantchito akuti $150 pa mwezi imene boma la Zimbabwe linaika mu 2024 siyokwanira ngakhale lendi ndi kombi, ikwere. Bwana wathu akuti ikangokwera achotsa anthu. Dzulo ndinamvera akatswiri awiri a zachuma pa wailesi, wina akuti ntchito zitha, wina akuti sizitha. Onse ndi anthu ophunzira. Ndani akunama? Amene mukudziwa tithandizeni, chifukwa ife osoka zovalafe tikufuna ndalama koma ntchitonso tikuifuna.

Che Jafali: Achemwali, palibe chovuta apa. Ine ndili ndi kashopu ka zipangizo zomangira ku Mbare, ndili ndi anyamata atatu. Mumsewu mwathu mashopu ngati anga alipo ambiri, ndipo simenti tonse timagulitsa mtengo umodzi. Ndikakweza pang'ono, kasitomala amangolowa khomo lotsatira. Ndiye wina akandiuza kuti mnyamata aliyense ndimuonjezere $50, ndalamayo ichokera kuti? Mmodzi apita kunyumba, ine ndi mayi a kunyumba tigwira ntchito yakeyo. Chinthu chikakwera mtengo anthu amagula chochepa, kaya ndi shuga kaya ndi ntchito.

Tadala: Amalume, zimenezo ndi zakale, anazitsutsa kalekale. David Card ndi Alan Krueger anafufuza ku Amereka pamene boma la New Jersey linakweza malipiro otsikitsitsa mu 1992 kuchoka pa $4.25 kufika pa $5.05 pa ola. Anayerekeza malo odyera a kumeneko ndi a ku Pennsylvania, kumene malipiro sanakwere, ndipo ntchito sizinachepe. Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Tinaphunzira ku yunivesite. Malipiro otsikitsitsa sachotsa ntchito, mabwana amangoopseza.

Che Jafali: Mwanangu, ine sindikuopseza munthu. Bwera udzaone buku langa la maakaunti.

aMbewe: Ndalowa mochedwa, koma ndiloleni ndiyankhe a Nabanda, chifukwa ndakhalapo zaka zambiri pa zokambirana za malipiro mu NEC, bungwe limene olemba ntchito ndi antchito a gawo limodzi amakambiranamo malipiro, ndipo mkangano uwu ndaumva kumbali zonse. Akatswiri awiriwo palibe amene akunama. Aliyense ali ndi mtundu wake wa msika wa ntchito m'mutu mwake, ndipo sananene kuti ndi uti.

Woyambayo akuganiza za malo ngati a Che Jafali. Olemba ntchito ndi ambiri, ali pafupipafupi, ndipo wantchito akhoza kuchoka lero nkuyamba pena mawa. Pamalo otere bwana sasankha malipiro, amawapeza alipo kale pamsika. Akalipira pansi pake anthu amamuthawa, ndipo akafuna munthu wina woonjezera amamupeza pa mtengo womwewo. Amalemba anthu mpaka womaliza akubweretsa ndalama yofanana ndi malipiro ake. Lamulo likakweza malipiro, womalizayo sakudzilipiranso, ndiye amachotsedwa. Che Jafali akunena zoona za mumsewu mwawo.

Wachiwiriyo akuganiza za malo amene wolemba ntchito ndi mmodzi, kapena ndi ochepa, ndipo wantchito alibe kothawira pafupi. Amenewa ndi amene akatswiri amati monopusoni. Joan Robinson ndi amene anafotokoza za msika wotere mu 1933. Pamenepo bwana ndiye amasankha malipiro, ndipo lamulo lomwelo likhoza kuonjezera ntchito m'malo mochepetsa.

Yamikani: Inde, zimenezo ndi zoona bambo. Makampani akuluakulu akakhala okha amatidyera. Onani magetsi, wogulitsa ndi mmodzi, mtengo amangoika mmene afunira. Boma likweze malipiro kuti tizikwanitsa kugula.

aMbewe: Yamikani, iwe ukunena za wogulitsa mmodzi, ine ndikunena za wogula mmodzi. Wogula ntchito ya manja athu. Famu ya fodya imagulitsa fodya wake pamodzi ndi alimi masauzande, ilibe mphamvu pa mtengo wa fodya. Koma m'dera lake ikhoza kukhala yokha yolemba anthu. Mphamvu yake ili pa malipiro, osati pa katundu.

Che Jafali: Koma a Mbewe, apa mwandisiya. Bwana akhale mmodzi kapena makumi, mukamukwezera mtengo wa wantchito angalembe bwanji anthu ochuluka? Zimenezo sizikumveka.

aMbewe: Funso lake ndi limenelo, ndipo ambiri amathawa kuliyankha. Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndangopeka kuti tione mmene zimayendera, si a famu ina iliyonse.

Tinene kuti pali famu ya ndiwo zamasamba kutali ndi tauni, ndipo m'deralo palibe wina wolemba ntchito. Bwana akalipira $100 pa mwezi, amabwera anthu 10. Kuti abwere wa nambala 11 ayenera kulipira $105, chifukwa ameneyo amakhala kutali, kapena ali ndi kadimba kake kamene sangakasiye pa $100. Wa nambala 12 akufuna $110, wa 13 akufuna $115, wa 14 akufuna $120. Munthu aliyense woonjezera, malipiro akwere ndi $5.

Tsono zimene anthuwa amabweretsa pa famupo. Munda ndi womwewo, mpope wothirira ndi umodzi, ndiye woonjezera aliyense amabweretsa zocheperapo kuposa amene analipo kale. Wa nambala 10 amaonjezera zokolola za $160 pa mwezi, wa 11 za $150, wa 12 za $140, wa 13 za $130, wa 14 za $120.

Mukangoyang'ana pamwamba, wa nambala 11 ndi phindu lenileni: alipidwa $105, abweretsa $150. Koma bwana sawerengera choncho. Pa komboni palibe chinsinsi. Watsopano akalandira $105, anthu 10 akale aja ayeneranso kulandira $105, apo ayi kapitawo sagona tulo. Ndiye $5 kwa anthu 10 ndi $50. Munthu mmodziyo akumudyera bwana $105 kuphatikiza $50, zonse $155, pamene akubweretsa $150. Samulemba. Amaima pa anthu 10 ndi malipiro a $100, ngakhale kuti womalizayo akubweretsa $160. Ntchito ilipo, munthu wofuna kuigwira alipo, koma salembedwa chifukwa kumulemba kukweza malipiro a onse.

Nabanda wa ku Mufakose: Apa ndamva. Ndiye lamulo likabwera?

aMbewe: Lamulo linene kuti palibe kulipira pansi pa $115. Anthu 10 aja akwera kale, bwana afune asafune. Tsopano wa nambala 11 akumudyera $115 yokha, popeza palibenso wina woti akwezedwe chifukwa cha iye. Akubweretsa $150, amulemba. Wa 12 akubweretsa $140, amulemba. Wa 13 akubweretsa $130, amulembanso. Wa 14 sabwera pa $115, ndipo kumukopa ndi $120 kukweza anthu 13, ndiye bwana aima pamenepo. Malipiro akwera kuchoka pa $100 kufika pa $115, ndipo ntchito zakwera kuchoka pa 10 kufika pa 13.

Chimene chinkamuletsa kulemba anthu chinali $50 ija yokwezera akale. Lamulo laichotsa m'masamu ake, chifukwa wailipira kale.

Che Jafali: Ngati zili choncho bwanayo bwenzi akupempha yekha lamulolo.

aMbewe: Ayi, chifukwa phindu lake latsika. Poyamba malipiro onse anali $1,000. Tsopano ndi anthu 13 pa $115, ndiye $1,495. Waonjezera $495. Anthu atatu atsopano abweretsa $150, $140 ndi $130, zonse $420. Wataya $75 pa mwezi. Kulemba anthu atatuwo ndi njira yochepetsera kutayako, popeza akanapanda kuwalemba akanataya $150 yonse. Ndiye bwana wotere adzakana lamulolo ndi mphamvu zake zonse, ndipo adzanena mawu omwewo amene inu mukunena, akuti ndichotsa anthu. Nchifukwa chake mawu a bwana paokha satiuza kuti tili pa msika uti. A Nabanda, bwana wanu akhoza kukhala akunena zoona, akhozanso kukhala ngati wa famu uyu.

Tadala: Mwaona amalume Jafali? Ndi zimene ndimanena. Ikwere basi, ifike pa mtengo wa zinthu zofunika pa banja, ngati mmene a ZCTU, mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito, amanenera.

aMbewe: Dikira Tadala, masamuwo sanathe, ndipo theka lotsalali ndi limene anthu a mbali yako sakonda kulimva. Pa famu yomweyo tiike lamulo pa $120, anthu afika 14, ndipo pamenepo ndiye pachimake. Tikadutsa apo zinthu zimatembenuka. Pa $145 anthu ofuna ntchito ndi ambiri, koma wa nambala 12 akubweretsa $140 yokha, ndiye bwana aima pa 11. Pa $155 abwerera pa 10, pamene anayambira. Pa $165 atsala 9, ntchito zayamba kutha kuposa mmene zinalili lamulo lisanabwere. Mpata ulipo, koma uli ndi malire, ndipo malirewo saikidwa ndi mtengo wa ufa kapena lendi. Amaikidwa ndi zimene wantchito akubweretsa pamalopo. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene ana ake akugona ndi njala, koma ndi mmene zilili.

Ndipo taonani ichi, chimene chikuyankha funso la a Nabanda mwachindunji. Tengani famu yomweyo muiike pakati pa mafamu ena ambiri olimbirana anthu, pamene malipiro a msika ndi $120. Ilemba anthu 14. Lamulo la $145 likabwera, itsika kuchoka pa 14 kufika pa 11, anthu atatu achotsedwa. Famu ya yokha ija, ndi lamulo lomwelo la $145, yakwera kuchoka pa 10 kufika pa 11. Onse athera pa 11. Chasiyana ndi pamene anayambira. Katswiri wina akuona anthu atatu akuchoka, wina akuona mmodzi akulowa.

Gogo Phiri: Ana anga, ine sukulu sindinapite nayo patali, mdzukulu ndiye akundilembera. Koma zimene akunena a Mbewe ndinaziona ndi maso cha ku Mazowe. Bambo anga anachokera ku Dedza, anabwera ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Munthu ukafika unkaikidwa pa famu imene akusankhira, ndipo kuthawa ntchito unali mlandu. Ife tinabadwira pa komboni. Nyumba ya bwana, ufa wa bwana, sitolo ya bwana, ngongole yako ili m'buku la bwana. Ukati uchoke upita kuti ndi ana? Kumudzi sunakuonepo, kuno ulibe munda. Ndiye malipiro ankangotiuza, sitinkakambirana. Mu 1980 boma litaika malipiro otsikitsitsa tinavina. Koma ndinenenso zoona, patapita nthawi ambiri anasinthidwa kukhala a ganyu a nyengo ya fodya yokha.

aMbewe: Zikomo agogo, mwanena zonse ziwiri. Ndipo mabungwe olemba anthu aja sanangokhala othandiza kunyamula anthu. Wenela inakhazikitsidwa ndi eni migodi a ku Joni kuti migodi isamalimbirane antchito nkukwezerana malipiro. Migodi inali yambiri, koma khomo lolowera linali limodzi. Makolo athu anakhala mu monopusoni yochita kupangidwa dala.

Zimene agogo atchulazi ndi zimenenso tiyenera kuyang'ana lero. Sikuti bwana achite kukhala mmodzi m'dziko lonse. Funso ndi lakuti, akatsitsa malipiro pang'ono, ndi anthu angati amene angachoke? Ngati achoka pafupifupi onse, ndi msika wa mpikisano. Ngati achoka mmodzi kapena awiri, bwanayo ali ndi mphamvu.

Mayi a Limbani: Pepani ndilowerere ndi nkhani yanga. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Harare ndipo ndimagona pomwepo, m'kachipinda ka kuseri. Ndikudziwa kuti nyumba zina amalipira bwino kuposa pano. Koma ndikachoka ndataya pogona tsiku lomwelo, mwana ali pasukulu ya pafupi, ndipo chitupa changa chili ndi vuto chifukwa makolo anga analembedwa kuti ndi obwera. Nyumba yatsopano amafuna chitupa ndi kalata yochokera kwa abwana akale. Ndiye kodi ine ndili pa msika uti? Nyumba zolemba anthu ndi zambirimbiri, koma ine ndimangoona ngati ilipo imodzi.

aMbewe: Mayi, mwafunsa bwino kwambiri. Pa chiwerengero cha olemba ntchito muli pa msika wa mpikisano, koma pa moyo wanu muli pafupi ndi famu ija. Pogona, chitupa, kalata, sukulu ya mwana, ngakhale ndalama ya kombi yoyendera kufunafuna ntchito ina, zonsezi zimakweza mtengo wochokera. Abwana anu akhoza kukulipirani pansi pa mmene ntchito yanu ikuwathandizira, osaopa kuti muchoka. Ku South Africa anaika malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba mu 2002, ndipo kafukufuku wa Taryn Dinkelman ndi Vimal Ranchhod anapeza kuti malipiro anakwera ndithu koma ntchito sizinaoneke kuti zachepa. Zikugwirizana ndi zimene mukunenazi.

Mayi a Limbani: Koma kuno lamulo la antchito a m'nyumba lilipo, ine sindinaonepo munthu wa boma akufika pa geti kudzafunsa.

Che Jafali: A Mbewe, masamu anu ndawatsatira, ndi okoma. Koma ali ndi bowo. Mukuti bwana kuti apeze munthu wa nambala 11 ayenera kukweza malipiro. Ku Harare kuno? Pitani ku Graniteside kapena ku Msasa m'mawa muone anthu ataima pa mageti. Ine ndikangonena kuti ndikufuna mnyamata, pofika masana abwera gulu, ena ndi madigiri. Sindikweza ngakhale senti. Ndiye $5 yanu ija ichokera kuti? Famu yanu ikusowa anthu, ife tikusowa ntchito.

aMbewe: Bowolo ndi lenileni, Che Jafali, ndipo sindilitseka lonse. Pamene anthu ali pa mzere pa geti ndipo bwana akhoza kutenga aliyense pa mtengo womwewo, $50 ija palibe, ndiye palibenso chifukwa choti lamulo lionjezere ntchito. Malipiro ndi otsika, inde, koma atsika chifukwa cha kuchuluka kwa osowa ntchito, osati chifukwa bwana akuchepetsa anthu dala. Malipiro otsika okha si umboni wa monopusoni. Ambiri amasokoneza pamenepa.

Chimene ndinganene nchakuti mzere wa pa geti si wa ntchito zonse. Wonyamula matumba a simenti mumupeza masana omwewo. Wodziwa makina osokera a m'fakitale amene sawononga nsalu, kapena wosankha fodya wodziwa magiredi, simumupeza choncho. Ndipo mafamu ambiri nthawi yokolola amadandaula kuti anthu akusowa, achinyamata apita kokakumba golide. Bwana amene chaka ndi chaka akulira kuti anthu akusowa koma sakweza malipiro, ameneyo ndiye muzimukayikira. Wa pa mpikisano sasowa anthu kwa nthawi yaitali pa mtengo wa msika.

Yamikani: Nanga bwanayo akangomupatsa watsopanoyo $105 mobisa, ena osadziwa? Kuntchito kwathu aliyense amalandira yake mu envulopu ndipo amatiletsa kuuzana.

aMbewe: Apa ndiye wafunsa zenizeni, Yamikani. Akakwanitsa kubisa, wa nambala 11 amudyera $105 yokha, ndiye amulemba, mpaka afike pa 14, aliyense pa mtengo wakewake. Pamenepo ntchito sizinachepetsedwe, ndiye lamulo la $115 silionjezera munthu. Lingokweza amene anali pansi, ndalama ichoke m'thumba la bwana ipite kwa antchito, ndipo palibe wochotsedwa. Kuletsana kuuzana malipiro nako ndi chizindikiro. Bwana amene akulipira mtengo wa msika alibe chobisa.

Che Jafali: Ndili ndi lina. Mlamu wanga anagwirapo m'minda ya mphesa ku Cape. Amati malipiro a m'mafamu atakwezedwa ambiri anachotsedwa. Ngati famu ndiye chitsanzo chanu cha bwana wa yekha, bwanji kumeneko ntchito zinatha?

aMbewe: Mlamu wanu sananame. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa a m'mafamu anayamba mu 2003, ndipo kafukufuku wa Haroon Bhorat ndi anzake anapeza kuti malipiro anakwera koma ntchito za m'mafamu zinachepa. Mu 2013, pambuyo pa sitalaka ya ku De Doorns, anakwezanso kuchoka pa R69 kufika pa R105 pa tsiku. Dziko limodzi, zaka zoyandikana, antchito a m'nyumba sanataye ntchito koma a m'mafamu anataya. Maganizo anga ndi akuti mlimi wogulitsa kunja sangakweze mtengo wa zipatso zake, ndipo ali ndi njira zina, makina kapena anthu a nyengo yokha, ngati mmene agogo anenera. Mwini nyumba alibe makina olera mwana. Ndiye pa famu mpata uja ndi wopapatiza ndipo nkosavuta kuudumpha. Koma ena amawerenga zotsatira zomwezo nkunena kuti mafamuwo analibe mphamvu pa malipiro nkomwe.

Tadala: Koma bambo Mbewe, za ku New Jersey zija simunazikane.

aMbewe: Sindikuzikana, ndi kafukufuku wofunika, anafufuza malo odyera pafupifupi 400. Koma dziwa kuti David Neumark ndi William Wascher anabwereza pogwiritsa ntchito mabuku a malipiro ndipo anati ntchito zinachepa, Card ndi Krueger nkuyankhanso ndi manambala a boma kuti sizinachepe. Chachiwiri, kukwerako kunali masenti 80 pa $4.25, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu, m'dziko limene anthu ambiri ankalandira kale pamwamba pa malipiro otsikitsitsa. Kutenga zimenezo nkunena kuti kuno tikhoza kuchulukitsa $150 katatu popanda vuto ndi kudumpha kwakukulu. Zija zikutiuza za pakati pa $100 ndi $120 pa famu yathu ija. Sizikutiuza za $165.

Tadala: Ndiye anthu azingolandira ndalama yosakwana chakudya chifukwa masamu atero? Ine sindikuvomereza. Kampani imene singalipire munthu ndalama yokhalira moyo itseke, antchito apite ku makampani abwino. Ku Germany ataika malipiro otsikitsitsa mu 2015 ndi zimene zinachitika, anthu anachoka m'timakampani tating'ono nkulowa m'makampani olipira bwino.

Che Jafali: Ku Germany makampani abwinowo alipo. Mnyamata wanga ndikamuchotsa apita kukagulitsa matimati pa Mbare Musika, kumene kulibe NEC, kulibe penshoni, kulibe tchuthi. Ndipo akachuluka kumeneko onse apeza zochepa. Usanene mopepuka mawu akuti itseke, mwanangu, kumbuyo kwake kuli mabanja.

Nabanda wa ku Mufakose: Ndawerenga zonse kawiri. Ndiye ndifunse za ife. Fakitale yathu ili ku Southerton. Mafakitale a zovala anali ambiri kale, pano atsala ochepa. Osoka odziwa ntchito ena anapita ku Joni, ndipo bwana amadandaula kuti makina ena angokhala, alibe owagwiritsa. Koma mbali inayi, zovala za kaunjika ndi zochokera kunja zadzadza m'tauni, sangakweze mtengo wa malaya. Tili mbali iti?

aMbewe: Muli ndi zizindikiro za mbali zonse ziwiri, ndipo zikunena zinthu zosiyana. Mafakitale ochepa ndi makina ongokhala zikusonyeza kuti bwana ali ndi mphamvu pa malipiro, ndiye mpata ulipo. Kaunjika akusonyeza kuti denga lili pafupi, chifukwa zimene wosoka akubweretsa zimadalira mtengo wa malaya. Musanapite ku zokambirana, komiti yanu ifufuze zinthu zingapo zimene mungazidziwe nokha. Makina ongokhalawo angokhala chifukwa chosowa osoka kapena chifukwa chosowa maoda? Ngati maoda akubwezedwa chifukwa palibe osoka, muli pa famu ija isanafike pa 14. Ngati maoda palibe, bwana akunena zoona. Funsaninso kuti anzanu amene anachoka chaka chino anapita kuti, ndipo akulandira zingati kumeneko. Komanso kumbukirani pamene ndalama ya kuno inagwa mphamvu malipiro osakwera: anachoka angati? Kumeneko kunali kutsitsa malipiro mosalengeza. Ngati pafupifupi onse anakhala, mwadziwa kukula kwa mphamvu yake.

Nchifukwa chake ine ndimakonda kuti malipiro azikambidwa gawo ndi gawo mu NEC kusiyana ndi nambala imodzi ya dziko lonse. $150 imodzi ikhoza kukhala pansi kwambiri pa mgodi wa wokha m'dera lake, nkukhala pamwamba pa kashopu ka ku Mbare.

Che Jafali: Pa NEC pamenepo sitigwirizana. Amene amakhala pa tebulo ndi makampani akuluakulu, amagwirizana nambala imene iwo angakwanitse, nkutigwetsera ife ang'onoang'ono. Amati ukhoza kupempha kuti akukhululukire, koma mapepala ake munthu wa anyamata atatu angawathe?

aMbewe: Dandaulo limenelo ndalimva kambirimbiri ndipo lili ndi maziko. Koma mukatsegula khomo loti aliyense wodzitcha wamng'ono asatsatire, akuluakulu adzagawa makampani awo m'tizidutswa, kapena kupereka ntchito kwa makontirakitala. Ndaziona zikuchitika.

Gogo Phiri: Mdzukulu wanga wina akadali pa famu cha ku Norton. Ndimuuza awerenge zimenezi. Koma iye vuto lake si nambala ya pa pepala, ndi lakuti miyezi ina salandira nkomwe, ndipo nyumba ndi ya bwana.

Mayi a Limbani: A Mbewe, ine ndiye ndiyambire pati? Kukadandaula ku ofesi ya zantchito ndikuopa, ndikhoza kugona panja.

aMbewe: Mayi, mantha anuwo ndi omveka, musathamangire. Yambani ndi chitupa, chifukwa malamulo a dziko a 2013 amazindikira ngati nzika munthu wobadwira kuno kwa kholo lochokera ku dziko la SADC ngati Malawi, amene ankakhala kuno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito. Chikakonzeka, nyumba zina zija zikhala zotheka kwa inu, ndipo ndi pamene mungakambe za malipiro muli ndi poponda. Lembaninso m'kabuku tsiku ndi ndalama imene mwalandira mwezi uliwonse. Agogo, mdzukulu wanu achitenso chimodzimodzi, ndipo afunse a GAPWUZ, bungwe la antchito a m'mafamu, za miyezi yosalipidwayo.

Nabanda wa ku Mufakose: Ndakambirana ndi mnzanga wa kodula nsalu. Akuti oda ya mayunifomu a sukulu inabwezedwa mu Disembala chifukwa osoka anali ochepa, koma kuyambira Malichi mpaka pano ntchito ndi yochepa, masiku ena timaweruka masana. Ndiye zikuoneka ngati miyezi ina tili uku, miyezi ina tili uko. Komiti ikumana Lachinayi. A Mbewe, ngati mungapeze nthawi ndikutumizirani pambali manambala a anthu amene anachoka, mutithandize kuona kuti tipemphe zingati.

aMbewe: Tumizani. Muikeponso kuti ndi angati mwa inu ali pa kontirakiti ya miyezi itatuitatu, chifukwa ngati malipiro akwera kudutsa denga, oyamba kusaonjezeredwa kontirakiti adzakhala amenewo, ndipo ayenera kukhala nawo pa msonkhanowo.